Kuumitsa mango, kupanga ufa wa chinangwa kapena kuyenga mafuta: muyambe ndi chiti?

Mango akamawolera pansi pa mtengo, kapena mpendadzuwa ukamagulidwa motchipa pa nthawi yokolola, anthu ambiri amayamba kufunsa mtengo wa makina. Funso la makina ndi labwino, koma pali mafunso ena oyenera kuyamba. Chowumitsira chimachotsa madzi ndipo makina ofinyira amalekanitsa mafuta ndi keke, zotsala za njere mafuta akafinyidwa, basi. Phindu kapena kuluza kumachokera ku mbewu imene mwaikamo: kuchuluka kwa zotsala ikakonzedwa, nthawi imene ingadikire isanaonongeke, ndi vuto limene ingabise. Ndayerekeza njira zinayi zotheka kwa banja kapena kagulu kakang'ono: mango ouma, ufa wa chinangwa wosavunditsa, mafuta a mpendadzuwa ndi mafuta a mtedza. Popeza mitengo imasiyana malo ndi malo, ndiwerengera ndi makilogalamu a mbewu yomweyo, inu mudzaikapo ndalama za kumene muli.

Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Yambani ndi sikelo. Pa makilogalamu 100 a mbewu yaiwisi, mudzatsala ndi angati ogulitsa? Yankho lake ndi limene limakuuzani mtengo wotsikitsitsa umene mungagulitsire. Ngati makilogalamu 12 a zipatso akupereka kilogalamu imodzi youma, kilogalamu imeneyo iyenera kubweza mtengo wa makilogalamu 12 aja musanawerengere antchito, mapaketi ndi ulendo wa kumsika.

Kenako onani ngati mbewuyo imatha kudikira. Njere zouma zimakhala m'nkhokwe miyezi ingapo, mumaziyenga tsiku limene mwakonda. Chipatso chakupsa ndi chinangwa chokumba zimaonongeka m'masiku ochepa, choncho ntchito yonse imaunjikana, ndipo dzuwa likabisala tsiku lomwe mwadula, katundu watayika. Funso limeneli limanenanso masiku amene makina anu adzagwire ntchito pa chaka. Chida chogwira miyezi iwiri chimachedwa kubweza mpamba kuposa chida chodula chogwira miyezi khumi.

Funso lina, limene ambiri amalidumpha, ndi lakuti katundu akalakwika mudzadziwa bwanji. Nkhungu pa mango mumaiona. Poizoni wa m'chinangwa ndi wa chuku cha mtedza saoneka, ndipo amene amamudziwa koyamba ndi munthu amene wadya. Pomaliza, dziwani wogula musanagule chida: kodi ndi munthu amene amagula kale chinthucho tsiku lililonse, kapena mufunika kumuphunzitsa kaye kuchikonda?

Njira iliyonse ndiiona pa mitu inayi: mtengo, kupezeka, kusamalira ndi zoopsa.

Mango ouma

Mtengo. Chowumitsira cha dzuwa sichidula kwambiri: matabwa, pulasitiki yoonekera yopirira dzuwa, mathireyi a neti yoyenera chakudya, mipeni yosachita dzimbiri, sikelo ndi kamakina komatira mapaketi. Chodula chenicheni ndi mango amene amathera m'makoko ndi m'madzi. Tiyeni tiwerenge. Mwagula makilogalamu 100. Posankha mutaya pafupifupi 10 obooledwa ndi mphutsi kapena opsa mopitirira. Pa 90 otsalawo, makoko ndi njere zitenga pafupifupi magawo anayi pa khumi, mutsala ndi mnofu wokwana makilogalamu 50 kapena kuposerapo pang'ono. Mnofu wa mango uli ndi madzi oposa 80 peresenti, ndipo mukauumitsa mpaka chinyezi cha pafupifupi 15 peresenti, mukachotsa tizidutswa tosaoneka bwino, mupakira makilogalamu 7 mpaka 9. Ndiye kuti makilogalamu 11 mpaka 14 a zipatso pa kilogalamu imodzi youma.

Tsopano onani zimene chowumitsira chingathe. Mathireyi a masikweya mita 10, mukayala makilogalamu 5 pa sikweya mita popanda kusanjikiza, amatenga mnofu wa makilogalamu 50, womwe ndi wa makilogalamu 100 a mango aja. Kuuma kumatenga masiku awiri kapena atatu. Pa nyengo ya masiku 60 mungaike maulendo 20, mupeza makilogalamu 160 ngati dzuwa silinajombe. Mitambo ikakudyerani maulendo asanu, mwatsala ndi 120. Amenewo ndiwo ayenera kulipira chowumitsira, osenda ndi mapaketi a chaka chonse.

Kupezeka. Mango ndi ambiri, koma oyenera kuumitsa ndi ochepa. Mitundu ya ulusi wambiri ikauma imasanduka ngati chingwe, wogula sabwereranso. Mitundu yomezanitsa monga Kent ndi Keitt ili ndi mnofu wochuluka ndi ulusi wochepa. Tommy Atkins amauma bwino ngakhale ali ndi ulusi pang'ono. Vuto ndi lakuti mitundu imeneyi ndi yomwenso imagulidwa bwino yaiwisi, ndiye simuipeza yaulere. Vuto lachiwiri ndi nyengo. M'madera ambiri otentha mango amapsa mvula ikuyamba, pamene mpweya uli ndi chinyezi ndipo dzuwa silidalirika. Amene amachita ntchitoyi mozama amathera pogula chowumitsira cha gasi, magetsi kapena nkhuni chotenthetsa mpweya, chimene chimamaliza mkati mwa tsiku limodzi, koma pamenepo mtengo wasintha kale.

Kusamalira. Pulasitiki wamba imang'ambika yokha pakangotha miyezi ingapo padzuwa. Yopirira dzuwa imatha zaka ziwiri kapena zitatu. Mathireyi atsukidwe pa ulendo uliwonse chifukwa shuga wouma amaitana nyerere ndi ntchentche. Musagwiritse neti ya waya wochita dzimbiri, asidi wa chipatso amaudya ndipo umadetsa mango. Mabowo olowera ndi otulukira mpweya akhale otseguka ndi otchingidwa ndi neti. Anthu ambiri amawatseka pofuna kuti mkati mutenthe kwambiri, osadziwa kuti chinyezi chikasowa potulukira mango amangophikika.

Zoopsa. Dulani zidutswa zofanana, zokhuthala mamilimita 5 mpaka 8, ndipo kutentha kukhale pakati pa madigiri 55 ndi 65. Kukapitirira, kunja kumauma msanga n'kutsekera madzi mkati. Chidutswa chimaoneka chouma koma chimadzachita nkhungu m'paketi. Kuyesa kwake n'kosavuta. Chidutswa chitazizira, chipindeni: chipindike ngati chikopa, ndipo mukachidula n'kuchifinya pasatuluke madzi. Kenako ikani zidutswazo m'botolo lagalasi lotseka kwa masiku angapo. Mukaona timadontho m'galasimo, bwezerani zonse m'chowumitsira. Kuda kwa mango kumachepa mukanyika zidutswa m'madzi a mandimu musanayale. Mankhwala a sodiyamu metabaisalufaiti amasunga mtundu wachikasu nthawi yaitali, koma amavutitsa anthu ena a mphumu, choncho ayenera kulembedwa pa lebulo. Choopsa chachikulu, kwa ine, chili kumsika. Munthu amene wangodya mango aiwisi mpaka kutopa nawo sathamangira ouma a mtengo wa kakhumi ndi kawiri. Ogula ake amakhala m'masitolo akuluakulu, m'mahotela ndi kunja kwa dziko, ndipo amafuna paketi yooneka bwino, chiphaso cha bungwe loona za miyezo, ndi katundu wofanana mwezi ndi mwezi.

Ufa wa chinangwa wosavunditsa

Uwu ndi ufa woyera, wopanda fungo lowawasa, umene umapangidwa tsiku lomwe chinangwa chakumbidwa. Njira yake inafalitsidwa kwambiri ndi bungwe la kafukufuku wa ulimi la IITA, lomwe likulu lake lili ku Ibadan m'dziko la Nigeria. Ndondomeko yake ndi kusenda, kutsuka, kunyenya ndi makina mpaka chikhale phala, kufinya phalalo m'matumba, kuliphwanya, kuliyanika, kugaya ndi kusefa.

Mtengo. Mufunika makina onyenya a injini kapena magetsi, chofinyira, ndi malo aakulu oyanikira. Chofinyira n'chosavuta: felemu yachitsulo yolimba, matabwa ndi jeke ya galimoto yaikulu. Chigayo mutha kulipira cha ena ngati mwini wake avomera kuchitsuka kaye. Chinangwa chili ndi madzi pafupifupi 60 mpaka 65 peresenti, ndipo makoko amatenga 15 mpaka 20 peresenti. Pa makilogalamu 100 mupeza ufa wa makilogalamu 20 mpaka 25. Chiwerengero chimenechi n'chabwino kuposa cha mango, koma ufa ndi katundu wotsika mtengo, phindu limabwera ndi kuchuluka. Ndalama zambiri zimathera pa osenda ndi pa kunyamula. Kutengera chinangwa chaiwisi kutali ndi kulipira ulendo wa madzi, chifukwa chake makina ayenera kukhala pafupi ndi minda.

Kupezeka. Apa chinangwa chili ndi mwayi umene mango alibe. Chikakhwima chimatha kukhala m'nthaka miyezi ingapo, mumakumba chokwanira tsiku limenelo, ndipo mutha kusankha miyezi ya dzuwa. Chikangotuluka m'nthaka, mwayiwo watha. Pakati pa maola 24 ndi 72 mkati mwake mumayamba mizere yakuda mobiriwira, makamaka pamene chinavulala ndi khasu, ndipo ufa wake umada. Lamulo la ntchitoyi ndi kukumba m'mamawa, kufinya dzuwa lisanakwere kwambiri, ndi kuyanika tsiku lomwelo. Musachisiyenso m'nthaka nthawi yaitali kwambiri, chimachita mitsitsi yolimba mkati ndipo ufa umachepa.

Kusamalira. Chitsulo chonyenyera chimabuntha ndipo chimafuna kusinthidwa. Chikhale chosachita dzimbiri, apo ayi tizitsulo ndi dzimbiri zimalowa m'phala. Makina atsukidwe akangozimitsidwa, popeza phala lotsalira limavunda usiku umodzi n'kuwawitsa la mawa. Matumba ofinyira amaphulika kawirikawiri, khalani ndi apadera. Jeke ikayamba kudontha mafuta, ichotseni msanga, dontho limodzi limaononga thumba lonse. Madzi otuluka pofinya ali ndi poizoni: akumbireni dzenje kutali ndi chitsime, ndipo mbuzi ndi nkhuku zisamwe.

Malo oyanikira ndiwo amalepheretsa magulu ambiri. Kufinya kumatsitsa chinyezi kufika pafupifupi 40 mpaka 45 peresenti, ndipo kuti phala lophwanyalo liume m'tsiku limodzi liyenera kuyalidwa mopyapyala, makilogalamu osaposa awiri pa sikweya mita, pa pulasitiki yakuda yoyalidwa pa thandala, n'kumalitembenuza pafupipafupi. Makilogalamu 500 a chinangwa amapereka phala lofinya loposa makilogalamu 200, lofuna malo oposa masikweya mita 100. Makina onyenya amatha makilogalamu 500 amenewo mu ola limodzi kapena awiri. Mukagula makina aakulu muli ndi thandala laling'ono, mwagula chida chimene chidzangokhala.

Zoopsa. Chinangwa chili ndi mankhwala achilengedwe otchedwa linamarini, amene amatulutsa poizoni wa sayanaidi. Chowawa chili ndi ochuluka, ndipo chilala chimawachulukitsa, ngakhale m'mitundu yozizira. Kunyenya ndiko kumapulumutsa: kumaswa timaselo ta chinangwa, poizoni amamasuka, wina amatuluka ndi madzi pofinya, wotsala amauluka poyanika. Kungodula chinangwa chowawa m'zidutswa n'kuyanika sikuchotsa poizoni wokwanira, choncho musalole wina akuuzeni kuti makina odula ndi ofanana ndi onyenya. Kudya kwa nthawi yaitali ufa wosakonzedwa bwino, makamaka pamene zakudya zomanga thupi zikusowa, kumayambitsa matenda a konzo, opuwalitsa miyendo mosachiritsika. Muyezo wa Codex, womwe ndi muyezo wa zakudya wa dziko lonse lapansi, pa ufa wa chinangwa umalola sayanaidi wosaposa mamiligalamu 10 pa kilogalamu, ndi chinyezi chosaposa 13 peresenti. Lilime silingayeze zimenezi. Pali timapepala toyezera tosintha mtundu, tomwe katswiri wa sayansi Howard Bradbury wa ku Australia anathandiza kufalitsa, ndipo ngati simungatipeze tumizani ufa ku labotale nthawi iliyonse mwasintha mtundu wa chinangwa.

Dzuwa likakuthawani phala lili pa thandala, limavunda n'kuwawasa. Limadyekabe, koma wophika buledi salilandira. Dziwaninso malire a msika wake. Ufa umenewu ulibe guluteni, yomwe imapangitsa mtanda wa tirigu kutambasuka ndi kufufuma, choncho m'buledi umalowa m'malo mwa tirigu pa 10 mpaka 20 peresenti yokha. M'mabisiketi umalowa wochulukirapo. Mafakitale a makatoni ndi a matabwa omata amaugwiritsanso ntchito popanga guluu. Ogula onsewa amaufuna chifukwa chotchipa poyerekeza ndi tirigu, ndiye tirigu akatsika mtengo, iwo amabwerera.

Mafuta a mpendadzuwa

Mtengo. Pali zida ziwiri zosiyana kwambiri. Choyamba ndi makina a manja okhala ndi chogwirira chachitali chimene chimakankha chitsulo chopanikiza njere. Anawapanga injiniya Carl Bielenberg mu 1985 pa ntchito ina ku Tanzania, ndipo akupangidwabe m'mayiko angapo. Safuna magetsi kapena dizilo, koma amafuna minofu: thumba la makilogalamu 50 limatha kutenga gawo lalikulu la tsiku, anthu awiri akusinthana. Amatulutsa malita 20 mpaka 25 pa makilogalamu 100 a njere zofewa. Chachiwiri ndi makina a injini okhala ndi chitsulo chopota mkati, chimene amakanika amachitcha sikuluu. Mtengo wake ndi wokwera kangapo, koma ang'onoang'ono omwe amatha makilogalamu makumi angapo pa ola, n'kutulutsa malita pafupifupi 28 mpaka 33 pa makilogalamu 100.

Pano pali chinthu chimene oyamba kumene amachiphonya. Tiyerekeze kuti mwayenga makilogalamu 100 n'kupeza malita 30. Lita imodzi ya mafuta imalemera makilogalamu 0.92, ndiye mafutawo ndi makilogalamu pafupifupi 28. Keke ndi makilogalamu 68, ndipo anayi otsala apita ndi nsenga ndi chinyezi. Tinene kuti kumene muli lita imodzi imagulidwa pa mtengo wa makilogalamu atatu a njere. Malita 30 abweza mtengo wa makilogalamu 90, pamene inu munagula 100. Mwaluza, musanalipire ngakhale dizilo. Koma keke ikagulidwa pa theka la mtengo wa njere, makilogalamu 68 aja abweza mtengo wa makilogalamu 34, zonse pamodzi 124. Phindu lonse lili mu keke. Musanagule makina, pezani woweta ng'ombe, nkhumba kapena wopanga zakudya za ziweto amene adzaitenga.

Kupezeka. Njere zouma bwino, za chinyezi cha 7 mpaka 8 peresenti, zimasungika miyezi yambiri, choncho makina angagwire chaka chonse. Koma kuti agwire, muyenera kugula njere za chaka chonse pa nthawi yokolola pamene zatchipa, ndipo mpamba umenewo kawirikawiri umaposa mtengo wa makinawo. Amene alibe amatha kuyengera ena n'kumalipiritsa, kapena kutenga keke ngati malipiro. Mtundu wa njere ndi wofunika. Zakuda, zazing'ono, za khoko lopyapyala zili ndi mafuta 38 mpaka 45 peresenti. Zazikulu zamizere zili ndi ochepa, pafupifupi 25 mpaka 30, ndipo khoko lake lolimba limatopetsa makina a manja. Tswanyani njere pakati pa zikhadabo: yabwino imasiya mafuta pachala. Mphwepwa, njere zopanda kanthu mkati, zimadzaza thumba koma sizipereka dontho. Gulani pa sikelo mutapeta.

Kusamalira. Mdani wa makina ndi mchenga. Njere zoyanikidwa pansi zimabwera ndi mchenga ndi timiyala, zimene zimapala sikuluu ndi zitsulo zoizungulira. Chizindikiro chake ndi malita akumachepa pang'onopang'ono pa thumba lililonse pamene keke ikutuluka yonona. Sikuluu yotha imawotcheredwa ndi kusulidwanso, kapena kusinthidwa, ndiye funsani za sipeya ndi mmisiri musanalipire. Sefani ndi kupeta thumba lililonse, ndipo ikani maginito pamalo olowera njere kuti agwire misomali. Musazimitse makina keke ili mkati: ikazizira imauma ngati mwala, mawa lake mudzayamba ndi kumasula makina onse. Njere zofunda zimatulutsa mafuta mosavuta, choncho pa makina a manja ziyanikeni padzuwa kwa kanthawi musanayambe.

Zoopsa. Mafuta otuluka kumene amakhala akuda ndi nsenga. Asiyeni m'chidebe chotseka kwa masiku angapo kuti nsenga zikhazikike, tsanulani apamwamba, ndipo asefeni pa nsalu yothina kapena pa makina osefera. Madzi ndi nsenga zotsalira zimafulumizitsa kuonongeka, ndipo mafuta otere amachita thovu pamoto. Mafuta a mpendadzuwa sapirira mpweya, kuwala ndi kutentha. Akaonongeka amanunkha ngati penti ndipo amakanda pakhosi. Dzazani mabotolo mpaka pakamwa, asungeni pamdima, ndipo musawakhudzitse ndi mkuwa. Kuyala mabotolo oonekera padzuwa kuti odutsa awaone ndiko kuwaononga mwachangu. Osamalidwa bwino amakhala miyezi ingapo, koma sangafanane ndi oyengedwa kufakitale, amenenso ali oyera ndi opanda fungo. Ogula ena amakonda fungo la njere, ena amalikana. Mayiko ambiri amalamulanso kuti mafuta ophikira ogulitsa akhale ndi vitamini A woonjezera, ndiye fufuzani lamulo la dziko lanu. Pa keke, ya njere zosasenda ili ndi zomanga thupi pafupifupi 25 mpaka 30 peresenti koma makoko ndi ambiri. Ng'ombe imaigaya bwino, anapiye ayi, iwo apatsidwe yochepa. Ikanyowa imachita nkhungu m'masiku ochepa.

Mafuta a mtedza

Njira iyi sindikhalitsapo, chifukwa kwa anthu ambiri masamu ake satuluka.

Mtengo. Makina ndi omwewo a mpendadzuwa. Mtedza woswa uli ndi mafuta 45 mpaka 50 peresenti, ndipo mafuta ake amapirira moto ndi kusungika bwinoko. Koma mtedza wabwino umagulidwa kale pa mtengo wokwera osaukhudza, kotero nthawi zambiri mafuta ndi keke pamodzi sizifika pa mtengo wa mtedza womwewo.

Kupezeka. Umasungika bwino m'makoko. Mukaswa mumatsala ndi makilogalamu 65 mpaka 70 pa 100.

Kusamalira. Mtedza ndi wofewa, ulibe makoko olimba oti sikuluu igwire, choncho umakonda kusanduka phala n'kutseka makina. Amisiri amasakanizamo makoko pang'ono kapena keke yakale kuti uyende.

Zoopsa. Chifukwa mtedza wabwino ndi wodula, chiyeso n'chakuti muyenge wosankhidwa: wosweka, wofota, wakuda. Umenewo ndiwo umakhala ndi chuku chotulutsa poizoni wa afulatokisini, amene amayambitsa khansa ya chiwindi. Poizoniyu anadziwika mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa ku England chifukwa chodya chakudya chokhala ndi keke ya mtedza yochokera ku Brazil. Kukazinga sikumutha. Poyenga, wambiri amatsalira mu keke, wina amalowa m'mafuta osayengedwa kufakitale, ndipo ng'ombe ikadya keke yotero amafika mumkaka. Muyezo wa Codex pa mtedza wokakonzedwanso ndi magawo 15 pa biliyoni, mlingo umene diso silingaone. Kuwaza madzi pa mtedza kuti uswe msanga kumachulukitsa chuku, ndipo wogula sangadziwe kuti zinachitika.

Iti ikuyenera ndani

Ngati muli ndi mpamba wogulira njere zambiri nthawi imodzi, malo ouma osungira, ndipo pafupi pali oweta ziweto, mpendadzuwa ndi umene ndingakulangizeni. Mafuta ophikira anthu amagula kale, mbewu imadikira, ndipo mafuta akaonongeka mphuno imakuuzani. Kumene kulibe magetsi ndipo njere ndi matumba ochepa, makina a manja akwanira, bola mukhale ndi njere zakuda zofewa ndi anthu osinthana. Kumene alimi a mpendadzuwa ali ambiri koma mpamba wanu ndi wochepa, gulani makina a injini muziyengera ena.

Ufa wa chinangwa ukuyenera kagulu kokhala pakati pa minda, kokhala ndi manja ambiri osenda, madzi oyera, bwalo lalikulu ndi miyezi ya dzuwa lodalirika. Kayambe kokha pamene wophika buledi kapena fakitale yayesa ufawo n'kunena makilogalamu amene izitenga pa mwezi. Munthu mmodzi wopanda antchito sangathe kumaliza zonse m'tsiku limodzi.

Mango ouma ndi a munthu amene ali ndi mitengo yakeyake yomezanitsa, amene wapeza kale sitolo kapena wogula wa kunja, ndipo ali ndi njira yotenthetsera mpweya tsiku la mitambo. Akonzenso zina zoumitsa mango akatha, monga nthochi, chinanazi, tomato kapena tsabola, kuti chowumitsira chisagone miyezi khumi. Ngati mango anu ndi a ulusi ndipo mukudalira dzuwa lokha, umitsani odya pakhomo ndi mathireyi awiri, ngongole musatenge.

Mtedza uyengeni pokhapokha ngati munalima ndi kuumitsa nokha, mwausankha ndi manja, muli ndi poyezetsa chuku, ndipo pali wogula wolipira mtengo wapadera pa mafuta a mtedza. Zimenezi zikasowa, ugulitseni wosayenga.

Njira iliyonse imene mwatsamira, yesani kaye ndi makilogalamu 20 pa makina a munthu wina. Pimani zolowa, pimani zotuluka, sungani paketi kapena botolo limodzi kwa miyezi itatu pamalo amene katunduyo azidzakhala, ndipo mukatsegule pamaso pa wogula amene mukumuyembekezera.